Khola la nsimbi pansi pa dilesi: mmene kilinolini na basulo zinalamulila shepu ya azimai

Mukaona mkwatibwi aloŵa mu holo na dilesi yofufuma monga ambulela, dziŵani kuti pansi pake pali pitikoti ya mawaya imene akwati ambili amachita haya pamodzi na dilesi. Pitikoti ija ili na agogo ake. Dzina lao ni kilinolini, ndipo anabadwila ku Paris mu 1856, chaka chimodzi chabe David Livingstone ataona Mosi-oa-Tunya. Kwa zaka zopitilila 30, kilinolini na mng'ono wake basulo ndiye anali kuuza azimai a ku Ulaya na ku Amelika mmene thupi lao liyenela kuonekela. Zinakongoletsa anthu, zinalemeletsa eni mafakitale, ndipo zinaphanso anthu.

Kilinolini ikalibe kubwela, fashoni inali kufuna kale siketi yaikulu na chiuno chaching'ono. Njila inali imodzi chabe: kuunjika mapitikoti. Mzimai anali kuvala anai, asanu, olo asanu na imodzi, ena oumitsidwa na sitachi, ndipo imodzi inali ya nsalu yolimba yolukidwa na ubweya wa ku mchila wa hachi. Dzina lenilenilo linachokela pamenepo, chifukwa mu Chifulenchi mau aŵili amene analipanga atanthauza ubweya wa hachi na ulusi wa bafuta. Ganizilani kulema kwake, kutentha kwake, na nsalu zonsezo kukulunga miyendo pa sitepe iliyonse.

Mu 1856 munthu wina wa ku France, R. C. Milliet, analembetsa ku boma nzelu yatsopano. M'malo mwa mulu wa nsalu, anatenga mawaya opyapyala a nsimbi yofeŵa ngati sipuling'i, anawapinda kukhala malingi, ang'ono kumwamba, aakulu kunsi, n'kuwalumikiza na matepi a nsalu ochokela pa lamba wa m'chiuno. Chinthucho chinaoneka monga khola la nkhuku. Koma chinali chopepuka maningi, ndipo miyendo inali kuyenda momasuka mkati. Pamwamba pake munali kuika pitikoti imodzi kapena ziŵili kuti mawaya asaonekele, ndiye dilesi. Kwa azimai a nthawi ija, khola ili linali mpumulo, osati chilango.

Tiyeni tiŵelenge pang'ono kuti muone ukulu wake. Kuti mudziŵe malo amene lingi itenga pansi, tengani utali wa waya wozungulila mugaŵe patatu, mupeza pafupi na yankho. Lingi ya kunsi ya mamita 3 ipanga siketi ya pafupifupi mita imodzi kuchoka mbali ino kufika mbali ina. Madilesi aakulu kwambili a kumadansi anali kufika mamita 5 na hafu kuzungulila, kutanthauza pafupifupi mita imodzi na masentimita 75 m'mimba mwake. Chitseko wamba cha nyumba sichifika na mita imodzi yomwe. So poloŵa, mai anali kufinya khola na manja aŵili, kapena kulipendeketsa. Pokhala pansi anayenela kunyamula pang'ono malingi a kumbuyo, apo ayi kutsogolo kunali kunyamuka mpaka kumaso. Mphepo ikaomba, vuto linali lomwelo, ndipo ichi chinathandiza kuti kabudula wamkati wautali afale pakati pa azimai. Mu minibasi ya ku Kanyama, kondakitala akanakulipilitsani mipando itatu osanyengelela.

Chinsinsi cha shepu chinali kunamiza maso. Koseti inali kumanga chiuno, zoona, koma siketi ikakula kunsi, chiuno chioneka chaching'ono kuposa mmene chilili. Mzimai anali kuoneka monga belu la kutchalitchi loyenda lokha.

Chimene chinasiyanitsa kilinolini na mafashoni akale n'chakuti inali yopangidwa mu fakitale. Nsimbi inali kuchokela ku mizinda monga Sheffield, ndipo kampani ya Thomson inali kutulutsa masauzande pa tsiku. Mtengo unatsika mpaka wanchito wa m'nyumba na mtsikana wa mu fakitale anakwanitsa kugula. Mfumukazi Eugénie wa ku France anali kuvala, wophika wa m'khichini nayenso anali kuvala. Apamwamba sanakondwe. Magazini ya nthabwala ya ku London, Punch, inali kujambula makatuni oseka azimai osakwana pa chitseko na antchito oyesa kufanana na madona ao. Eni mafakitale nawo anali na nkhawa yao, chifukwa siketi yotambalala inali kukodwa mu makina. Mu 1860 kampani ya nsalu ya Courtaulds inauza akazi ogwila nchito kuti makola aziwasiya kunyumba.

Koma mdani wamkulu anali moto, ndipo apa m'pofunika kumvetsa bwino chifukwa chake. Nyumba za ku Ulaya zinali kutenthetsedwa na moto wa malasha wosatseka, ndipo kuwala kunali kwa makandulo na nyale za mafuta kapena gasi. Mzimai wovala khola sanali kumva pamene siketi yake ithela, chifukwa nsalu ili kutali na khungu. Akatembenuka pafupi na moto, mpendelo unali kugwila iye osadziŵa. Madilesi ambili a kumapwando anali a nsalu zopyapyala zimene zimayaka msanga. Ndipo pansi pa khola panali mphepo yambili. Aliyense amene anakolezapo mbaula adziŵa kuti moto ukapeza mphepo kunsi umakwela mwaukali. Khola linali kuchita chimodzimodzi. Choipa kwambili, njila yozimila moto pa munthu ni kumukulunga na bulangeti kuti mphepo isaloŵe, koma mawaya anali kukankha bulangeti kutali na thupi.

Tsoka lalikulu linachitika ku Santiago, mu dziko la Chile, pa 8 Disembala 1863. Tchalitchi cha La Compañía chinadzala na anthu pa chikondwelelo cha Maliya, ambili a iwo azimai, ndipo mkati munali nyale na makandulo ochuluka pamodzi na nsalu zokongoletsela. Moto unabuka chakutsogolo. Anthu anathamangila ku zitseko, ena anagwa, ena anagwela pamwamba pao, ndipo masiketi aakulu anakolana mpaka njila inatsekeka. Anthu oposa 2,000 anafa. Kilinolini sindiyo inayatsa moto uja, koma inathandiza kuti kuthaŵa kukhale kosatheka.

Mwina muganiza kuti pambuyo pa izi azimai anataya makola tsiku lomwelo. Iyai. Manyuzipepala anachenjeza kwa zaka, koma malonda anapitiliza. Chimene chinagwetsa kilinolini ni fashoni yeniyeniyo. Chinthu chikafika kwa aliyense, apamwamba amafuna chatsopano. Komanso siketi inali itafika pa malile, sikanakula kuposa paja. Kuyambila chakumayambililo kwa ma 1860, matelala anayamba kudula siketi m'mapisi opapatiza kumwamba na otambalala kunsi, kutsogolo kukhala fulati, nsalu yonse kukankhidwila kumbuyo. Telala wotchuka wa ku Paris, Charles Frederick Worth, Mngelezi amene anali kusokela Eugénie, anali mmodzi wa otsogolela kusinthaku. Pofika chakumapeto kwa ma 1860, khola linali litachepa, ndipo panabwela lina la malingi a hafu okhala kumbuyo chabe.

Apa ndiye panabadwila basulo. Nsalu yochuluka ija inakokedwa m'mwamba n'kuunjikidwa pamwamba pa matako, ndipo inafuna chochilikiza. Basulo inali kapilo ka ubweya wa hachi, kapena kakhola ka mawaya, komangidwa m'chiuno na lamba. Inabwela kaŵili. Yoyamba, kuyambila cha m'ma 1870 mpaka pakati pa zaka zimenezo, inali yofeŵa, yodzala na maliboni na nsalu zolendewela. Ndiye inazimilila kwa zaka zingapo, azimai n'kuvala madilesi othina kuyambila pachifuwa mpaka m'maondo, ena omangidwa na matepi mkati moti kuyenda kunali kwa timasitepe ting'onoting'ono. Cha m'ma 1883 basulo inabwelela na ukali. Iyi inatuluka kumbuyo mowongoka monga shelefu, mpaka anthu anali kuseka kuti mungaikepo thileyi ya tiyi. Chithunzi chotchuka cha Georges Seurat cha anthu opumula pa chilumba cha La Grande Jatte, chojambulidwa pakati pa 1884 na 1886, chionetsa mai woimilila chammbali na shelefu yake bwinobwino.

Ngati muona foto yakale ndipo mufuna kudziŵa zaka zake, yang'anani chammbali. Belu lozungulila mbali zonse ni chakumapeto kwa ma 1850. Fulati kutsogolo na mchila wautali kumbuyo ni pakati pa ma 1860. Mulu wofeŵa wa nsalu kumbuyo ni ma 1870 oyambilila. Shelefu yolimba ni pakati pa ma 1880.

Basulo inali na mavuto ake. Kulema konse kwa nsalu kunali kukoka msana kumbuyo, ndipo pokhala mai anali kukhala kumphepete kwa mpando kapena chammbali. Opanga anayesa kukonza. Panali mtundu wina wotchedwa na dzina la Lillie Langtry, wosewela wotchuka wa m'masiteji, umene unali kupindika mukakhala n'kudzuka wokha mukaimilila.

Pofika 1889 shelefu inali kupita, ndipo ulendo uno moyo wa azimai nawo unali utasintha. Mu 1881 ku London kunakhazikitsidwa gulu la Rational Dress Society, limene linali kukamba kuti zovala zamkati za mzimai zisapitilile mapaundi 7, pafupifupi makilo 3. Onani, makilo 3 ndiwo anali kuonedwa monga kupepuka! Atsikana ambili anayamba nchito m'mashopu, m'maofesi na m'masukulu, ndipo anali kuseŵela tenisi. Mu 1885 John Kemp Starley anatulutsa njinga ya mawilo aŵili pafupifupi olingana yoyendela tcheni, kholo la njinga zimene tiona lelo, ndipo mu 1888 John Boyd Dunlop anabweletsa tayala la mphepo. M'ma 1890 azimai anakwela njinga mwaunyinji, ndipo pa chishalo panalibe malo a shelefu. Fashoni inasamutsa kufufuma kuchoka kumbuyo kupita ku manja a dilesi, siketi n'kutsala yosalala m'chiuno.

Khola silinafe lonse. Christian Dior anabweza siketi yaikulu mu 1947, ndipo m'ma 1950 atsikana anali kuifufumitsa na mapitikoti a neti ya nayiloni. Lelo litsala pa ukwati, na malingi ochepa opepuka. Koma malamulo a 1860 akali kugwila nchito. Nyamulani lingi ya kumbuyo musanakhale, finyani m'mbali poloŵa mu motoka, ndipo kumbukilani kuti neti na nsalu zambili za madilesi a masiku ano zimasungunuka n'kumamatila pakhungu zikagwila moto. Ometiloni, makandulo a pansi na mbaula za ophika zikhale kutali na njila ya mkwatibwi.