Inki yakuda ikatuwa papepala: zomwe zimaononga kalendala isanafike pamakina

Chaka chikamapita kumapeto, nyumba zosindikizira za m'Blantyre ndi Lilongwe zimapanikizika ndi ntchito ya makalendala, ndipo ndi nthawi yomweyi pomwe mikangano ya osindikiza ndi makasitomala imachuluka. Wina amadandaula kuti malo omwe pakompyuta anali akuda bii atuluka otuwa. Wina chizindikiro choyera cha kampani yake chasoweratu. Winanso akuona kamzere koyera kakuzungulira zilembo zofiira. Mlandu umagwera woyendetsa makina, koma zolakwika zambiri zotere zimakhala zitalowa kale m'fayilo yomwe wojambula anatumiza, pepala lisanakhudze inki.

Makina akuluakulu a ofuseti sasindikiza chithunzi chonse kamodzi. Fayilo imagawidwa m'mapuleti anayi, iliyonse ya inki yake: sayani yemwe ndi buluu wowala, majenta yemwe ndi wofiirira ngati pinki, chikasu, ndi inki yakuda. Pakompyuta zimalembedwa C, M, Y ndi K. Pepala limadutsa m'zigawo zinayi motsatana, nthawi zambiri kuyambira yakuda, kenako sayani, majenta, n'kumalizira chikasu, ndipo inki iliyonse imagwera pa inzake isanaume. Inki ya puleti imodzi imayalidwa mopyapyala zedi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1000 a milimita. Pepala nalo, popanidwa ndi kunyowetsedwa, limatanuka pang'ono, kotero kuti mapuleti anayiwo sagwera pamalo amodzi ndendende. Mavuto onse a malo odzaza inki amachokera pa zinthu ziwirizi, kupyapyala kwa inki ndi kusuntha kwa pepala.

Tiyerekeze kalendala yaikulu yapakhoma yomwe pamwamba pake pali mbendera ya Malawi: mzere wakuda wokhala ndi dzuwa lofiira lotuluka, mzere wofiira, ndi wobiriwira. Pansi pali bokosi lakuda lomwe mwalembedwa dzina ndi manambala a foni a kampani m'zilembo zoyera. Kwa maso a kasitomala ndi ntchito yosavuta. Kwa wokonza mapuleti, pafupifupi msampha uliwonse wa ntchitoyi uli pa pepala limodzili.

Wojambula akasankha K100 yokha pa mzere wakudawo, ndiye kuti puleti imodzi yokha ndiyo iphimbe malo aakulu ngati chikhatho kapena kuposa. Pa zilembo zazing'ono inki imeneyi imaoneka yakuda mokwanira, koma pamalo otambalala imatuwa, makamaka pa pepala losasalala lomwe limamwa inki. Kafumbi kakamamatira pa puleti kapena pa bulangete la makina, kamasiya kadontho koyera kobwerezabwereza pa pepala lililonse, popeza pansi palibe inki ina yoti ibise. Mankhwala ake ndi kuyala inki zina pansi pa yakudayo, monga momwe mmisiri amayambira ndi penti woyamba pakhoma asanapake weniweniyo. Osindikiza amati richi bulaki, ndipo kasakanizidwe kofala ndi aka:

```
C60 M40 Y40 K100
```

Sayani akachuluka kuda kwake kumapendekera ku buluu, majenta ndi chikasu zikachuluka kumapendekera ku bulauni. Nyumba yosindikizira iliyonse ili ndi muyeso womwe makina ake ndi mapepala ake amalandira bwino, ndiye ndi bwino kuwafunsa musanayambe.

Apa ndi pomwe ofuna kuda kwenikweni amapyola malire. Manambala a pamwambawa mukawaphatikiza akukwana 240. Pepala losalala lonyezimira limatha kulandira pafupifupi 300, pomwe pepala la nyuzipepala limalekezera cha m'ma 240 kapena kucheperapo. Koma mu InDesign ndi Illustrator muli mtundu wolembedwa Registration, womwe pasikirini umaoneka wakuda bwino lomwe, chonsecho ndi 100 pa inki zonse zinayi, kutanthauza 400. Ntchito yake ndi ya timitanda ta m'mphepete tolunzanitsira mapuleti basi. Ukadzazidwa pa mzere wonse wa mbendera, inki siuma msanga, mapepala akaunjikana amadetsana kumbuyo, ndipo ena amamatirana n'kung'ambika powalekanitsa. Inki zomwe zikubwera pambuyo zimalepheranso kugwira bwino pa inki yochuluka yosaumayo, moti kudako kumatuluka kwa mawangamawanga. Amene anafuna kuda kopambana amalandira kuda konyansa kuposa K100 yokhayo.

Pali vuto lina lobisika kwambiri. Chithunzi chokhala ndi kumbuyo kwakuda chikachokera mu Photoshop, kuda kwake kumakhala kale kwa inki zinayi, nthawi zambiri cha m'ma C75 M68 Y67 K90. Mukachiika pa bokosi la K100, pasikirini zimasungunukirana ngati chinthu chimodzi, koma papepala chithunzicho chimaoneka ngati chigamba chakuda pa nsalu yotuwa. InDesign imathandizira kubisa zimenezi chifukwa imatha kuonetsa mitundu yonse yakuda mofanana. Pa Appearance of Black mukasankha Display All Blacks Accurately, kusiyanako kumaonekera nthawi yomweyo. Ine ndimaona kuti kompyuta iliyonse yokonzera ntchito zosindikiza iyenera kukhala itatcheredwa chonchi kuyambira tsiku loyamba.

Tsopano manambala a foni oyera aja. Kuyera papepala si inki, ndi pepala lenilenilo losiyidwa osapakidwa. Ngati bokosilo ndi la inki zinayi, puleti iliyonse iyenera kusiya bowo lofanana ndi chilembocho pamalo omwewo. Majenta akasuntha ndi kachigawo ka milimita, m'mphepete mwa nambala iliyonse mumatuluka kamthunzi ka pinki mbali imodzi, ndipo zilembo zowonda zimatsekeka mpaka 8 kufanana ndi 3 kapena 6. Okonza mapuleti odziwa ntchito amabweza inki zitatu zapansizo kuti zitalikire pang'ono m'mphepete mwa chilembo, n'kusiya yakuda yokha kuti idule mpherowo. Inki zinazo zikasuntha, zimasunthira pansi pa yakuda pomwe diso siliona. Ngati izi sizingatheke, kuli bwino kuyala sayani yekha pansi, monga C40 K100, ndi kunenepetsa zilembozo. Zilembo zazing'ono zakuda pa pepala loyera, monga madeti a pakalendala, zizikhala za K100 yokha nthawi zonse.

Zinthu ziwiri zikasanjikizana m'fayilo, makina amachita chimodzi mwa ziwiri. Mwachizolowezi chapamwamba chimaboola malo ake m'chapansi, kuti mitundu isasakanikirane. Koma chikhoza kuuzidwanso kuti chingogwera pamwamba popanda kuboola, zomwe amati ovapirinti. Pa zilembo zakuda zolembedwa pa mzere wobiriwira izi n'zabwino kwambiri, chifukwa pansi palibe bowo loti lionekere mapuleti akasemphana. N'chifukwa chake InDesign imachita zimenezi yokha pa mtundu wake wa Black, ndipo CorelDRAW, yomwe ojambula ambiri kuno amaikonda, ili ndi chosankha cha Always overprint black. Koma lamulo lokomera zilembo limaononga bokosi lalikulu. Inki ya ofuseti imaonekera mkati, choncho bokosi la K100 likaphimba theka la chithunzi, m'mphepete mwa chithunzicho mumaonekera pansi pa kudako, mbali imodzi yakuda kwambiri, inayo yotuwa. Bokosi lotero lisandutsidwe richi bulaki kuti likhale ndi inki zake zapansi zofanana paliponse.

Choopsa kwambiri n'chakuti chosankha cha Overprint Fill chimatsalira pa chinthu ngakhale mutasintha mtundu wake. Chizindikiro cha kampani chomwe poyamba chinali chakuda, wina n'kuchisandutsa choyera kuti chikhale pa bokosi lakuda, chimakhala chikulamula makina kuti asaboole kanthu ndiponso asapake inki iliyonse. Papepala sipatuluka kalikonse. Dzuwa lofiira la pambendera likagwidwa ndi vuto lomweli, limamira mu inki yakuda n'kutsala ngati mthunzi wovuta kuuona.

Dzuwalo liyenera kuboola malo ake mu mzere wakuda, ndipo apa ndi pomwe tirapu imalowera. Cheza chake ndi timizere towonda tambiri, kalikonse kokhala ndi mphero ziwiri zazitali. Ngati kufiirako ndi M100 Y100 ndipo kudako ndi K100 yokha, mitundu iwiriyi ilibe puleti yomwe ikugawana. Puleti yakuda ikasuntha pang'ono, mbali imodzi ya kamzere kalikonse imaonetsa pepala loyera. Tirapu ndi kukulitsa mtundu wowala kuti ulowe pang'ono pansi pa woderapo, mwina 0.08 ya milimita pa makina abwino a mapepala odula, kuposerapo pa nyuzipepala kapena makatoni. Wowala ndiye amafutukuka chifukwa diso limawerenga maonekedwe a chinthu potsata mtundu woderapo, ndipo kufiira kolowa pansi pa kuda sikuoneka. Mukatembenuza, kuda kumadya chezacho mpaka kuwonda. Mzere wakudawo ukakhala wa C60 M40 Y40 K100 vuto limachepa lokha, popeza majenta ndi chikasu zili mbali zonse ziwiri, ndipo mpata ukatseguka umaonetsa mtundu wofiirira wosakodola diso ngati kuyera.

Malire a mzere wofiira ndi wobiriwira ali ndi khalidwe lawo. Kufiira ndi majenta ndi chikasu, kubiriwira ndi sayani ndi chikasu, ndiye chikasu n'chogawana. Mapuleti akasemphana pamatuluka kamzere kachikasu, osati koyera. Koma tirapu ikakula kwambiri pamenepa, sayani, majenta ndi chikasu zimakumana n'kupanga kamzere kodera kodutsa mbendera yonse, komwe kasitomala amakaona msanga kuposa kachikasu kaja. Masiku ano nyumba zambiri zosindikizira zimaika tirapu ndi pulogalamu yawo popanga mapuleti, choncho wojambula asaike yakeyake asanawafunse, kuopa kuti ingaikidwe kawiri.

Pafupifupi zonsezi zimaoneka m'mphindi zochepa fayilo isanachoke. Tsegulani PDF mu Acrobat Pro, pitani pa Output Preview, chongani Simulate Overprinting, ndipo chizindikiro choyera chomwe chikasowe papepala chisowa pomwepo mukuona. Kenako zimitsani puleti yakuda. Pa madeti ndi zilembo zazing'ono pasatsale kanthu, pa mzere wa mbendera ndi bokosi la pansi patsale mtundu wotuwa wofanana paliponse, wopanda m'mphepete mwa chithunzi moonekera. Chongani Total Area Coverage, lembani malire omwe osindikiza akupatsani, ndipo malo onse opyola adzawala ndi mtundu wochenjeza. Pulufu ya pa pulinta ya muofesi siyoti muidalire pa nkhaniyi, chifukwa mapulinta ambiri otere satsata ovapirinti ndipo alibe mapuleti oti asemphane. Pemphani pulufu yochokera m'pulogalamu yomwe ikapange mapuleti enieniwo, ndipo musanaisayinire yang'anani chizindikiro cha kampani, cheza cha dzuwa ndi manambala a foni chimodzichimodzi, popeza mukasayina, mtengo wa mapuleti atsopano ndi mapepala otayidwa nthawi zambiri umakhala wanu.