Nkhata Bay m'manambala: 103 ndi NB

Kwa zaka zambiri kalata yopita ku Chintheche sinkafuna nambala ya dera. Munthu ankalemba dzina, nambala ya bokosi la kupositi ofesi ndi dzina la malo, basi. Wopanda bokosi ankabwereka la sukulu kapena la mpingo. Keyala yotere imanena kumene munthu amatengera makalata, osati kumene amagona. Mu 2019 bungwe la MACRA linakhazikitsa manambala apositi, iliyonse ya manambala 6. Yoyamba ndi ya chigawo: 1 Kumpoto, 2 Pakati, 3 Kum'mwera. Atatu oyambirira pamodzi amaloza boma kapena mzinda, ndipo otsalawo amaloza dera la mkati mwake.

Komabe nambala imene yagwira ntchito kwambiri kunyanja kuno ndi ya ofesi ya kalembera ya NSO ku Zomba. M'mabuku awo Chitipa ndi 101, Karonga 102, Nkhata Bay 103, Rumphi 104, Mzimba 105, Likoma 106, mzinda wa Mzuzu 107. Likoma ali kutali ndi Nkhata Bay pamndandandawu, chonsecho zilumba za Likoma ndi Chizumulu zinali pansi pa Nkhata Bay mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Boma latsopanoli linangolembedwa m'munsi mwa akale. Ndi mmenenso zilili ndi Neno, 313, amene anapatuka ku Mwanza, 306.

Pa 103 amawonjezerapo manambala awiri oimira mfumu yaikulu. Choncho mlembi wa kalembera akafika ku Kande amalemba dera la Fukamapiri, ku Mpamba la Timbiri, ku Usisya la M'bwana. Dziko lakumidzi boma limaliwerenga kudzera mwa mafumu, ngakhale malo atakhala ndi msika wotchuka chotani.

Usisya ndi amene amaonetsa polekezera nzeru za nambalazi. Papepala ndi 103, ndipo nkhani za kwa DC zimakathera ku Nkhata Bay. Koma msewu wake umakwera mapiri kukatulukira ku Mzuzu, pamene njira yolunjika yopita kuboma ndi yapamadzi, pa boti kapena pa Ilala. Wogawa mankhwala kapena mabuku a sukulu akangodalira 103, osayang'ana mapu, adzaika Usisya pa ulendo umodzi ndi Chintheche, amene ali pamsewu wa tala wa M5 kum'mwera kwa boma, ndipo mafuta adzamuthera panjira.

Msampha wina ndi wakuti mindandandayi sigwirizana. Kwa a NSO 312 ndi Balaka, pamene 312200 yapositi ndi Blantyre. Wosakaniza matebulo awiriwa pakompyuta amasamutsa anthu a boma lina kupita lina osadziwa, ndipo amatulukira pokhapokha akayang'ana mayina a mafumu n'kupeza kuti ndi achilendo m'bomalo. Zilembo sizisokoneza chonchi: NB ya panambala ya galimoto ndi yomweyo ili mu MW-NB ya bungwe la ISO, ndipo Likoma ali ndi yakeyake, MW-LK.