Chiwongoladzanja chikadumpha, dyureshoni payokha imaphonya

Bondi ndi chikalata cha ngongole chomwe boma kapena kampani imagulitsa. Chiwongoladzanja chikakwera pamsika, mtengo wa bondi umatsika, ndipo akatswiri amayeza kutsikako ndi nambala yotchedwa dyureshoni.

Tiyerekeze bondi yomwe idzalipire K1,000 kamodzi kokha pakatha zaka 10. Chiwongoladzanja chili pa 10 peresenti, choncho lero ikugulidwa K385.54, ndipo dyureshoni yake ndi 9.09. Chikakwera kufika pa 13 peresenti, dyureshoni imati mtengo ugwa ndi 27.3 peresenti. Koma tikawerengera bwinobwino, mtengo watsopano ndi K294.59, kutanthauza kuti wagwa ndi 23.6 peresenti basi.

Kusiyanaku kumabwera chifukwa dyureshoni imaganiza kuti mtengo umatsetsereka mofanana njira yonse, pamene zoona zake kutsetserekako kumanka kuchepa, ngati phiri ukamayandikira kunsi. Kupindika kumeneku ndiye konivekisite, ndipo pa bondi yathuyi ndi 90.9. Timakonza potenga theka lake, n'kuchulukitsa ndi 0.03, kenako ndi 0.03 kachiwiri. Zikutipatsa 4.1 peresenti, yomwe tikaichotsa pa 27.3 patsala 23.2, pafupi kwambiri ndi yankho lenileni.

Chiwongoladzanja chikangosuntha pang'ono, kukonzaku sikuoneka n'komwe, n'chifukwa chake ambiri amakunyalanyaza. Ine ndikuti pa bondi za zaka zambiri kuteroko n'kudzinamiza. Chenjeraninso ndi bondi zomwe wokongola amaloledwa kubweza nthawi isanakwane: konivekisite yake imatha kutembenuka, ndipo chiwongoladzanja chikatsika, mtengo wake sukwera monga dyureshoni imalonjezera.