Tambala imene imasowa m'pulogalamu

Mu Januwale 1982, msika wa masheya wa ku Vancouver ku Canada unakhazikitsa nambala yosonyeza momwe mitengo ikuyendera, ndipo inayambira pa 1000. Malonda akangochitika, kompyuta inkaiwerengetsanso, maulendo pafupifupi 3,000 pa tsiku. Inkasunga manambala atatu okha pambuyo pa kadontho, otsalawo n'kungowadula m'malo mosendeza ku nambala yapafupi. Pofika mu Novembala 1983 nambalayo inali itatsika kufika pa 524.811, chikhalirecho msika sunagwe. Ataiwerengetsanso bwino anapeza 1098.892.

Kompyuta sinaime ngakhale tsiku limodzi, ndipo mpomwe pali vuto: pulogalamu yolakwitsa ndalama imagwirabe ntchito ngati zonse zili bwino. N'chifukwa chake m'makampani ambiri, munthu akalemba pulogalamu yokhudza ndalama, mnzake amayamba waiwerenga mzere ndi mzere, ali ndi mndandanda wa mafunso pambali.

Funso loyamba ndi loti ndalamazo zasungidwa mu nambala ya mtundu wanji. Mtundu wotchedwa `float` sutha kusunga 0.1 ndendende, monganso 1 kugawa ndi 3 salembeka mpaka kumapeto. Mu Python zimaoneka chonchi:

```python
>>> 0.1 + 0.2
0.30000000000000004
```

Wowunika akaona `float` pa mtengo kapena pa chiwongoladzanja, amabweza ntchitoyo. Amafuna `Decimal`, apo ayi ndalama zisungidwe ngati matambala athunthu, K10.05 ikhale 1005.

Kenako amafufuza malo amene nambala ikusendezedwa ku tambala yapafupi, ndi lamulo limene latsatidwa. Tinene kuti munthu wagula zinthu zitatu pa K10.05 chilichonse, ndipo pali msonkho wa 10 peresenti. Msonkho wa chinthu chimodzi ndi K1.005. Kusendeza m'mwamba pa chinthu chilichonse kumapereka K1.01 katatu, yomwe ndi K3.03. Koma kuyamba wawonkhetsa K30.15 kumapereka K3.015, yomwe ikasendezedwa ndi K3.02. Masamu onse awiri ndi olondola, koma lisiti ikatsata njira imodzi, buku la akaunti n'kutsata ina, mwezi ukatha owerengetsa ndalama amachezera kusaka tambala. Zida nazo sizigwirizana: `round(2.5)` mu Python imapereka 2, pomwe `ROUND(2.5,0)` mu Excel imapereka 3. Choncho wowunika amafuna kuti lamulolo lilembedwe poyera, ndiponso kuti kusendezako kuchitike pamalo amodzi.

Nkhani ya mitundu ya ndalama ndi yaifupi koma imagwetsa ambiri. Kwacha ili ndi matambala 100, dola ili ndi masenti 100, ndiye wolemba pulogalamu amangochulukitsa ndi 100 paliponse. Koma mndandanda wa ISO 4217 umasonyeza kuti yeni ya ku Japan ilibe manambala pambuyo pa kadontho, pomwe dinari ya ku Kuwait ili ndi atatu. Pulogalamu yotereyi ikhoza kulipiritsa mayeni 50,000 pa katundu wa mayeni 500. Nambala iliyonse ya ndalama iyenera kuyenda ndi chizindikiro chake, `MWK` kapena `JPY`.

Funso lovuta kwambiri ndi la kulipira kawiri. Munthu wadina batani lolipirira pa foni, netiweki yachita tsemwe, uthenga wotsimikiza sunafike. Iye sadziwa ngati pempho lake linafera m'njira kapena ngati ndalama zachoka kale, yankho lokha ndilo lasochera. Amadinanso, ndipo palibe angamudzudzule.

Kuzimitsa batani akangolidina sikukwanira, chifukwa pulogalamu ya pa foni nthawi zina imatumizanso pempho payokha. Njira yodalirika ndi yopatsa kulipira kulikonse nambala yakeyake. Kampani ya Stripe, mwachitsanzo, imalandira nambala yotereyi m'gawo la pempho lotchedwa `Idempotency-Key`. Seva ikaona nambala imene yaiona kale, imabweza yankho loyamba lija osachotsanso ndalama.

Apa wowunika wabwino amachedwapo. Amaonetsetsa kuti nambalayo ikupangidwa kamodzi, pempho loyamba lisanatumizidwe. Ikamapangidwa yatsopano pa kuyesa kulikonse, ilibe ntchito. Amaonanso zimene seva imachita. Mapulogalamu ambiri amayamba afunsa ngati nambalayo ilipo kale, kenako n'kuilemba. Mapempho awiri akafika nthawi imodzi, onse amapeza kuti palibe, onse n'kuchotsa ndalama. Mpatawu umatsekedwa poika `UNIQUE` pa nambalayo m'nkhokwe yosungira deta, kuti pempho lachiwiri likanidwe pomwepo. Nambala yomweyo ikabwera ndi ndalama zosiyana, seva iyeneranso kukana.

Wowunika asanavomereze, amapempha mayeso otumiza pempho limodzi kawiri nthawi imodzi, kenako n'kuwerenga m'buku la malipiro. Payenera kupezeka mzere umodzi.