Kuwonkhetsa manambala osatha ndi njira ya zotsalira

Mukawonkhetsa 1 + 1/4 + 1/9 + 1/16 mosalekeza, mufika pati? Euler anapeza mu 1735 kuti yankho ndi π²/6, pafupifupi 1.645. Njira ya zotsalira ya Cauchy imatsimikiza zimenezi mwachidule.

Timatenga π·cot(πz)/z², pomwe z ndi nambala ya kompuleksi. Fomulayi imakula mopanda malire pa nambala yathunthu iliyonse n, n'kusiya chotsalira 1/n², koma pa ziro chotsalira ndi −π²/3.

Kenaka timazinga malowa ndi mpanda wa sikweya. Mpandawo ukamakula, zotsalira zam'kati zikaphatikizidwa zimayandikira ziro, chifukwa 1/z² imachepa mofulumira kuposa mmene mpandawo ukutalikira. Chofunika kusamala n'chakuti mpanda uzidutsa pakatikati pa manambala athunthu oyandikana, kuti cot isakule mopyola muyeso.

Popeza n ndi −n amasiya chotsalira chofanana, chiwonkhetso S chimabwera kawiri: 2S − π²/3 = 0. Choncho S = π²/6.