Chithunzi cha kumunda chikakayikitsa: kalata ya mphunzitsi yopempha mafayilo oyambirira

Wophunzira zaulimi wa chaka chomaliza pa yunivesite wapereka lipoti la kafukufuku wake wa mbozi za ntchemberezandonda m'minda ya chimanga. Pa tsamba lina pali chithunzi chokongola kwambiri: mbozi yonenepa ili pa tsamba lobiriwira, mame akunyezimira. Mphunzitsi wake, amene wakhala akuona mbozi zimenezi kuyambira pamene zinavuta ku Malawi mu 2017, akuchiyang'ana kawiri ndipo mtima wake sukukhazikika. Nkhani yathuyi ndi yongoyerekeza, koma zotere zayamba kuchitika m'masukulu a ukachenjede kulikonse chifukwa cha mapulogalamu a pakompyuta opanga zithunzi zooneka ngati zenizeni.

Chimene chakayikitsa mphunzitsiyu si kukongola kwa chithunzi. Ntchemberezandonda ili ndi zizindikiro ziwiri zimene alangizi a zaulimi amaizindikirira nazo. Pamutu pake pali mzere wowala wooneka ngati chilembo cha Y chozondoka, ndipo chakumchira kuli timadontho takuda tinayi tokhala m'makona anayi ofanana. Pa chithunzichi timadonthoto tilipo tisanu ndi kamodzi, ndipo tandandalika mumzere umodzi. Mitsempha ya tsamba la chimanga imayenda motsatana kuchokera kutsinde kukafika kunsonga, koma apa ina ikupindika n'kusungunukira m'thupi la mbozi. Ndowe za mbozi, zomwe kumunda zimaoneka ngati utuchi wonyowa m'kati mwa mtima wa chimanga, apa zasalala ngati zopaka utoto.

Mphunzitsi wanzeru sathamangira kulemba ziro kapena kukanena ku komiti yosungitsa mwambo. Amayamba walemba kalata, ndipo kalata yabwino imamveka chonchi:

"Ndawerenga lipoti lanu. Pa chithunzi chachitatu ndaona zinthu zimene sindikuzimvetsa: timadontho ta kumchira kwa mbozi sitikufanana ndi ta ntchemberezandonda, ndipo mitsempha ya tsamba ikuoneka yosokonekera. Sindikunena kuti mwachita chinyengo, chifukwa zotere zimatha kubwera m'njira zingapo. Ndikupempha kuti pofika Lachisanu sabata yamawa munditumizire fayilo yoyambirira ya chithunzichi monga inatulukira m'foni kapena m'kamera, zithunzi zonse zimene munajambula pamalopo tsiku limenelo ngakhale zosaoneka bwino, ndiponso tsamba la kope lanu la kumunda la tsikulo. Musatumize ngati chithunzi pa WhatsApp. Koperani mafayilowo pa fulashi kapena mubwere ndi foniyo ku ofesi. Ngati munagwiritsa ntchito pulogalamu iliyonse pokonza chithunzichi, ndiuzeni dzina lake ndi zimene munachita. Ngati foni inatayika kapena kuwonongeka, bwerani tidzakambirane."

Kalatayi yatchula poyera malo okayikitsa, kuti wophunzira adziwe choti ayankhe. Yanena zofunika kubweretsa ndi tsiku lake, ndipo yasiya khomo lotsegula kuti afotokoze mbali yake. Mphunzitsi sanaweruze chifukwa akudziwa kuti maso okha sakwanira. Mu 2023 wojambula zithunzi wa ku Germany, Boris Eldagsen, anapambana m'gawo lina la mpikisano wa Sony World Photography Awards ndi chithunzi chopangidwa ndi kompyuta, kenako anakana mphothoyo. Komanso maso amatha kulakwitsa mbali inayo, n'kuyesa chithunzi chenicheni chabodza, pakuti mafoni a masiku ano amasalaza ndi kuwalitsa zithunzi okha munthu asanachite kanthu. Mapulogalamu amene amati amazindikira zithunzi zopangidwa ndi kompyuta nawonso amaphonya, makamaka chithunzi chikachepetsedwa kapena kudutsa m'mafoni angapo. Sichilungamo kulepheretsa munthu mayeso chifukwa cha nambala imene pulogalamu yotere yatulutsa.

Nanga fayilo yoyambirira ili ndi chiyani chimene chithunzi cha m'lipoti chilibe? Foni ikamajambula, imalemba m'kati mwa fayiloyo uthenga wosaoneka pa chithunzi, wotchedwa EXIF. Mmenemo muli mtundu wa foni, tsiku ndi nthawi yojambulira, mmene diso la kamera linatsegukira, ndipo ngati GPS inali yoyatsa, malo enieni amene munthu anaima. Aliyense angathe kuona zina mwa izi potsegula chithunzi m'foni n'kusankha pamene palembedwa Details kapena Info. Wofuna kuona zonse amagwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya ExifTool pa kompyuta:

```
exiftool -Make -Model -DateTimeOriginal -GPSPosition IMG_20240312_101522.jpg
```

Dzina la fayilo nalonso limalankhula. Mafoni ambiri a Android amapereka dzina lokhala ndi tsiku ndi nthawi, monga lili pamwambali, lomwe likusonyeza pa 12 Malichi 2024 nthawi itangopitirira 10 koloko m'mawa. Chithunzi chodzera pa WhatsApp chimafika ndi dzina lina, monga IMG-20240312-WA0007.jpg. Apa ndi pamene ophunzira ambiri osalakwa amagwera m'mavuto. Munthu akatumiza chithunzi pa WhatsApp mwa nthawi zonse, pulogalamuyo imachichepetsa ndipo imachotsa uthenga wa EXIF uja. Chithunzi chimene chinali ndi timadontho 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi, cholemera mamegabayiti atatu kapena anayi, chimafika chili ndi timadontho pafupifupi 1600 m'litali, chopepuka kwambiri, chopanda tsiku, chopanda malo. Kuchitumiza ngati Document kumasunga fayiloyo mmene ilili, ndipo n'chifukwa chake mphunzitsi anachenjeza za katumizidwe.

Tibwerere kwa wophunzira uja. Lachisanu akufika ndi foni yake pamodzi ndi kope la kumunda lothimbirira ndi dothi. M'foni muli zithunzi khumi ndi zinayi za tsiku limodzi, zojambulidwa motsatizana m'mphindi zosakwana makumi awiri. Choyamba chikusonyeza munda wonse, china chikwangwani cha nambala ya puloti, china chala chake chikutsegula mtima wa chimanga, ndipo zitatu ndi za mbozi yomweyo koma zosaoneka bwino chifukwa dzanja linkagwedezeka. Nthawi ya m'mafayilo ikugwirizana ndi zimene analemba m'kope. Pa chimodzi mwa zitatuzo mbozi yapindika chimodzimodzi ndi ya m'lipoti, pa tsamba lomwelo long'ambika m'mphepete.

"Aphunzitsi, kumunda ndinapitadi," akutero wophunzirayo. "Koma chithunzicho chinali chachimbuuzi, ndiye ndinachiika mu pulogalamu yowalitsa zithunzi kuti chioneke bwino m'lipoti."

Chinachitika ndi chimenecho, ndipo ambiri sadziwa kuopsa kwake. Mapulogalamu amakono owalitsa zithunzi sabweza zimene kamera inalephera kugwira, chifukwa zimenezo mulibemo m'fayilo. Amapeka zimene akuganiza kuti zinayenera kukhalapo, potengera zithunzi zambirimbiri zimene anaphunzitsidwa nazo. Pa nkhope ya munthu pa chithunzi cha ukwati, kupeka kotereku sikuvulaza aliyense. Pa mbozi, pulogalamuyo inawonjezera timadontho tiwiri, ndipo timadonthoto ndi timene timasiyanitsa ntchemberezandonda ndi mbozi zina zowononga chimanga monga kapuchi. Chithunzi chinasiya kukhala umboni wa zimene zinali m'munda, ngakhale mwini wake sanafune kunamiza munthu.

Pa mlandu wotere mphunzitsi angauze wophunzira kuti abwezeretse chithunzi choyambirira chachimbuuzicho m'lipoti, alembe pansi pake tsiku ndi malo, ndipo afotokoze kuti anazindikira mboziyo poiona ndi maso kumunda. Ngati pali chilango, chimadalira malamulo a yunivesiteyo, koma mlandu wake ndi wosiyana kutali ndi wa munthu amene sanapondeko kumunda n'kungolamula kompyuta kuti imupangire mbozi. Popanda kalata ija, anthu awiriwa akadaoneka ofanana.

Lamulo la mmene chithunzi cha kafukufuku chingakonzedwere linalipo kale mapulogalamuwa asanabwere. Magazini ya sayansi ya Journal of Cell Biology inayamba kuunika zithunzi zonse za nkhani zimene yavomera mu 2002, ndipo mfundo zake zinafalikira kwina. Kuwalitsa kapena kudetsa chithunzi chonse mofanana n'kololedwa, bola kusabise kanthu. Kuwonjezera, kuchotsa, kusuntha kapena kukometsa kachigawo kamodzi kokha n'koletsedwa. Vuto lake si laling'ono. Mu 2016 Elisabeth Bik ndi anzake anaunika nkhani za sayansi zoposa 20,000 ndipo anapeza kuti pafupifupi zinayi mwa 100 zilizonse zinali ndi zithunzi zobwerezedwa mosayenera. Mphunzitsi wopempha mafayilo oyambirira akuzoloweza wophunzira zimene akonzi a magazini otere adzamufunse m'tsogolo.

Komabe mafayilo ali ndi malire ake, ndipo mphunzitsi wachilungamo amawadziwa. Uthenga wa EXIF ungathe kusinthidwa ndi munthu wodziwa makompyuta, choncho kupezeka kwake pa fayilo imodzi sikutseka mlandu. Kusowa kwake nakonso sikutsimikiza chinyengo. Wophunzira mwina anabwereka foni ya mnzake, anazimitsa GPS posunga batire, anafufuta zithunzi foni itadzaza, kapena anaberedwa foni mu minibasi. Chimene chimakhala chovuta kupeka ndi mndandanda wonse: zithunzi zoyandikana zojambulidwa kuchokera mbali zosiyana, mithunzi yogwirizana ndi nthawi ya tsiku, msinkhu wa chimanga wogwirizana ndi mwezi, kope la kumunda, ndiponso mlangizi kapena mwini munda amene angachitire umboni kuti mwanayo anafikadi. Mafayilo akasoweratu, mphunzitsi angathe kumufunsa pakamwa: munda unali mbali iti ya msewu, munawerenga mapesi angati, mbozi zambiri zinali pa msinkhu wanji? Amene anapitadi amayankha mosavutika.

Makampani ena ayamba kuika chidindo chovuta kubera m'zithunzi pa nthawi yojambula, kudzera mu mgwirizano wa C2PA umene unakhazikitsidwa mu 2021, ndipo kamera ya Leica M11-P ya mu 2023 inali yoyamba kutuluka ndi chidindochi. Koma mafoni amene ophunzira ambiri amapita nawo kumunda alibe zimenezi, kotero chitetezo chawo chili m'manja mwawo. Asanachoke ayatse GPS ya kamera ndi kuona ngati tsiku ndi nthawi za foni zili zolondola. Chinthu chilichonse achijambule kangapo, chapatali ndi chapafupi, ataika rula kapena ndalama yachitsulo pambali posonyeza kukula kwake. Madzulo a tsiku lomwelo akopere mafayilo onse pa kompyuta kapena pa fulashi pogwiritsa ntchito chingwe, ndipo pokonza chithunzi azikonza kope lake, choyambirira achisiye chosakhudza.

Wolandira kalata yotere asachite mantha, komanso asayese kukonza kapena kusintha mayina a mafayilo kuti aoneke bwino, chifukwa kuteroko ndiye kumabweretsa chikayiko chenicheni. Apereke zonse mmene zilili, anene pulogalamu imene anagwiritsa ntchito. Nawonso madipatimenti ali ndi udindo wouza ophunzira za kusunga mafayilo oyambirira ndi za malire a kukonza zithunzi asanawatumize kumunda, pamene akuwapatsa mafomu ndi makalata opita kwa alangizi, kuti lamuloli asadzalimvere koyamba m'kalata yowakayikira.