Kutsitsa pawa sitepe ndi sitepe: mmene fomula imodzi imamasulira intigiro zambiri

Wophunzira kalikulasi akapatsidwa funso loti apeze intigiro ya x eˣ, amalimaliza m'mizere itatu kapena inayi. Likakhala la x² eˣ, mizere ija imachuluka kawiri. Likafika pa x⁷ eˣ, tsamba limadzaza, ndipo penapake m'katimo chizindikiro chochotsera chimasowa osadziwa. Komatu ntchito imene akugwira pa mzere uliwonse ndi imodzimodzi. Odziwa masamu amaigwira kamodzi kokha, ataika chilembo n m'malo mwa nambala ya pawa, n'kupeza lamulo lolumikiza funso lovuta ndi linzake lopepukirapo. Lamulo limeneli ndi fomula yotsitsa pawa.

Zinthu ziwiri zoyambira

Kalikulasi ili ndi ntchito ziwiri zotembenuzana. Kudifarenshiyeta ndiko kupeza liwiro limene chinthu chikusinthira. Kuintigireta ndiko kubwerera m'mbuyo: tapatsidwa liwirolo, tikufuna chinthu chimene chinalibala. Tikaika malire awiri, intigiro imatiuza kukula kwa malo amene ali pansi pa mzere wa girafu pakati pa malirewo.

Pa nkhani yathuyi tikufunika mfundo ziwiri zokha. Yoyamba ndi yakuti tikadifarenshiyeta xⁿ timapeza n xⁿ⁻¹: pawa imatsika ndi 1, ndipo n amabwera kutsogolo kudzachulukitsa. Mwachitsanzo, x³ amasanduka 3x². Yachiwiri ikukhudza nambala yotchedwa e, imene ili pafupi ndi 2.71828. Kaya tidifarenshiyete eˣ kaya tiintigirete, imatuluka ili eˣ yomweyo. Choncho mu xⁿ eˣ muli mbali imodzi imene imachepa tikaikhudza ndi ina imene sisintha, ndipo njira yonse yatsamira pamenepa.

Kumene lamulo la zigawo likuchokera

Palibe lamulo lachidule lointigiretera zinthu ziwiri zochulukitsidwa, koma lozidifarenshiyetera lilipo. Gottfried Leibniz analisindikiza mu 1684, ndipo limati kusintha kwa uv kuli ndi mbali ziwiri: u kuchulukitsa ndi kusintha kwa v, kuphatikiza v kuchulukitsa ndi kusintha kwa u. Tikaintigireta mbali zonse n'kusamutsa chigawo chimodzi kupita kwinako, timapeza lamulo la kuintigireta m'zigawo, limene olemba mbiri ya masamu amaligwirizanitsa ndi buku la Brook Taylor la mu 1715:

```
∫ u dv = uv − ∫ v du
```

Lamuloli silipereka yankho. Limasinthanitsa intigiro imodzi ndi inzake, ndipo phindu lake limaoneka pokhapokha yatsopanoyo ikakhala yopepuka kuposa yakale. Luso lonse lili posankha mbali iti ikhale u, yoti tiidifarenshiyete, ndi iti ikhale dv, yoti tiintigirete.

Kupanga fomula

Tiyambe ndi kuipatsa dzina intigiro yathu, dzina lonyamula pawa yake: Iₙ ikhale ∫ xⁿ eˣ dx. Dzinali ndi lofunika, chifukwa ndi limene litithandize kuzindikira funso lathu likabweranso litachepa.

Popeza tikufuna pawa itsike, xⁿ ndiye akhale u, ndipo eˣ dx akhale dv. Zikatero du ndi n xⁿ⁻¹ dx, ndipo v ndi eˣ. Tikaziika mu lamulo lija, timapeza:

```
Iₙ = xⁿ eˣ − ∫ eˣ · n xⁿ⁻¹ dx
Iₙ = xⁿ eˣ − n ∫ xⁿ⁻¹ eˣ dx
```

Pa mzere wachiwiri tatulutsa n kunja chifukwa ndi nambala yokhazikika, siyendera x. Tsopano yang'anitsitsani chimene chatsala m'kati. Ndi intigiro yathu yomwe ija, kungoti pamene panali n pali n − 1. Dzina lake tili nalo kale, ndi Iₙ₋₁. Motero:

```
Iₙ = xⁿ eˣ − n Iₙ₋₁
```

Fomula yatha pamenepa. Ili ngati makwerero: I₃ waima pa I₂, I₂ pa I₁, I₁ pa I₀. Koma makwerero amafuna pansi poti aimepo, ndipo apa n'chifukwa chake sitepe yotsiriza timaiwerengera payokha. Popeza x⁰ ndi 1, I₀ ndi intigiro ya eˣ, imene ndi eˣ.

Tiyese ndi pawa ya 3

Njira yosavuta ndiyo kuyambira pansi n'kumakwera, yankho lililonse n'kumalowa mu mzere wotsatira:

```
I₀ = eˣ
I₁ = x eˣ − eˣ
I₂ = x² eˣ − 2(x eˣ − eˣ) = x² eˣ − 2x eˣ + 2eˣ
I₃ = x³ eˣ − 3x² eˣ + 6x eˣ − 6eˣ + C
```

Chilembo C, choimira nambala ina iliyonse yokhazikika, timachiika kamodzi kumapeto. Taonani kuti tikachoka pa I₀ sitinaintigiretenso kanthu. Zatsala n'kuchulukitsa ndi kuchotsera basi.

Yankholi lili ndi zizindikiro zake zosonyeza kuti lili bwino. Kuphatikiza ndi kuchotsera kukusinthana mosadumpha. Manambala akutsogolo ndi 1, 3, 6, 6, ndiko kuti 1, kenako 3, kenako 3 × 2, kenako 3 × 2 × 1. Mukaona zizindikiro zochotsera ziwiri zitatsatana, dziwani kuti potsegula mabulaketi −n sanachulukitse zonse za m'kati, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri amaphonyera.

Umboni weniweni ndi kudifarenshiyeta yankho. Gawo loyamba limapereka x³ eˣ + 3x² eˣ. Lachiwiri limapereka −3x² eˣ − 6x eˣ, lachitatu 6x eˣ + 6eˣ, lachinayi −6eˣ. Gawo lililonse likufafaniza chotsalira cha linzake la m'mbuyo, ndipo chotsala ndi x³ eˣ, chimene tinayamba nacho.

Mukasankha mbali inayo

Bwanji eˣ akanakhala u, xⁿ dx n'kukhala dv? Pamenepo v akanakhala xⁿ⁺¹/(n + 1), ndipo intigiro yatsopano ikanakhala ndi xⁿ⁺¹ eˣ. Palibe chabodza mu mzere umenewo, koma pawa yakwera, ndipo funso lakula. Chizindikiro chake n'chosabisika: mukaona pawa ya m'kati mwa intigiro yatsopano ikuposa yakale, bwererani mukasinthe masankhidwe.

Fomulayi ilinso ndi malire ake. Imafika pa I₀ pokhapokha n akakhala nambala yathunthu yosachepera 1. Mukayamba ndi n = 1/2, sitepe yotsatira ndi −1/2, kenako −3/2, ndipo 0 mwamudumpha. Mgwirizano wake ndi woonabe, koma sukufikitsani pa intigiro yodziwika. Nayonso I₋₁, imene ndi intigiro ya eˣ/x, singapezeke kuchokera ku I₀, chifukwa pa n = 0 imachulukitsidwa ndi 0 n'kuzimiririka mu fomula. Ndipo zinatsimikizidwa kuti intigiro imeneyo singalembedwe ndi mapawa, malogarithimu ndi zina zozolowereka za m'kalasi.

Fomula yolondola, manambala osokera

Pali vuto lina limene limaoneka tikaika malire n'kuyamba kugwira manambala enieni. Titenge malo a pansi pa xⁿ eˣ kuchokera pa x = 0 kufika pa x = 1, tiwatche Jₙ. Gawo la xⁿ eˣ limapereka e pa x = 1, ndi 0 pa x = 0, choncho:

```
Jₙ = e − n Jₙ₋₁ ,   J₀ = e − 1
```

Tikasunga e monga chilembo, zonse zimayenda bwino: J₁ = 1, J₂ = e − 2, J₃ = 6 − 2e, J₄ = 9e − 24. M'manambala, zimenezi ndi 1, kenako 0.718, 0.563 ndi 0.465. Kutsikaku n'koyenera. Pakati pa 0 ndi 1, nambala ikamachulukitsidwa ndi iyo yomwe imanka ichepa, motero Jₙ aliyense ayenera kuchepera wa m'mbuyo mwake, koma osafika pa 0.

Tsopano wina afupikitse e kukhala 2.718, agwire kakyuleta. Apeza J₂ = 0.718, J₃ = 0.564, J₄ = 0.462, J₅ = 0.408, J₆ = 0.270. Mpaka apa palibe chodzidzimutsa m'maso. Koma J₇ ituluka 0.828, pamene yoona ndi 0.305, ndipo J₈ ituluka −3.906, malo ochepera 0 pansi pa girafu imene yonse ili pamwamba.

Munthuyu sanaphonye sitepe iliyonse. Chimene chamusokeretsa ndi n wochulukitsa uja. Pofupikitsa e anataya pafupifupi 0.00028, ndipo sitepe iliyonse imatenga cholakwika cha m'mbuyo n'kuchichulukitsa ndi n. Cholakwika chimene chili mu J₂ chimachulukitsidwa ndi 3, 4, 5, 6 ndi 7 chisanafike pa J₇, ndiko kuti ka 2,520. Kuwonjezera manambala a pambuyo pa kadontho kumangochedwetsa vutoli, chifukwa kuchulukitsaku kumakula mofulumira kwambiri. Ngakhale kompyuta yosunga manambala 16 imayamba kupereka zopanda pake n akayandikira 20. N'chifukwa chake musanakhulupirire zotuluka, funsani kaye ngati zikutsikadi komanso ngati zili pamwamba pa 0.

Mankhwala ake ndi kutembenuza fomula kuti tizipeza wa pawa yaing'ono kuchokera kwa wa pawa yaikulu:

```
Jₙ₋₁ = (e − Jₙ) / n
```

Uwu ndi mgwirizano womwe uja umene umatuluka tikasankha eˣ kukhala u, umene sunatithandize pofuna yankho la zilembo. Pa manambala ndi umene uli wodalirika, chifukwa sitepe iliyonse imagawa cholakwika ndi n. Tiyambe dala ndi nambala yolakwika, J₁₀ = 0, pamene yoona ili pafupi ndi 0.228, ndipo e tiitenge 2.71828. Tipeza J₉ = 0.27183, J₈ = 0.27183, J₇ = 0.30581, J₆ = 0.34464. J₆ yoona ndi 0.34468. M'masitepe anayi okha cholakwika cha 0.228 chagawidwa ndi 10, 9, 8 ndi 7, n'kutsala 0.00005 osakwana.

Choncho mukapanga fomula yotsitsa pawa ya intigiro ina, kaya ya xⁿ sin x kaya ya (ln x)ⁿ, yang'anani nambala imene yaima kutsogolo kwa intigiro yaing'onoyo. Ngati mukufuna yankho lenileni la zilembo, tsikani mpaka pa sitepe yodziwika, mukwere nalo. Ngati mukugwira manambala ofupikitsidwa ndipo nambala yakutsogoloyo ikuposa 1, yambirani pa pawa yokwera kuposa imene mukufuna, muzibwera chotsika.